Atandikaniza tchuthi choti ndikadwazike mayi: kalata imene ndinalemba

Ndimagwira ntchito mu ofesi yowerengera ndalama ya anthu anayi: abwana athu, ine, mayi amene amakonza malipiro a antchito, ndi mnyamata amene amalowetsa mainivoisi mu kompyuta. Gawo langa ndi kufananitsa mabuku athu ndi sitetimenti ya ku banki mwezi ukatha, komanso kukonza malipiro a anthu amene amatigulitsa katundu, omwe timawalipira Lachinayi lililonse. Mayi anga atapatsidwa tsiku la opaleshoni, Lachiwiri pa 4 Novembala, ndinalemba fomu yopempha tchuthi cha masabata awiri, kuyambira Lolemba pa 3 mpaka Lachisanu pa 14. Masiku ndinali nawo okwanira, ndipo fomuyo ndinaipereka kudakali pafupifupi mwezi wathunthu. Patatha sabata inabwera itasainidwa pa mzere wa kukana, pansi pake pali mawu akuti: "Sizitheka, nthawi ya maodita."

Munthu ukakanizidwa chonchi, mtima umakuuza kuti abwana sanamvetse kukula kwa vuto lako, choncho uyenera kulifotokozanso mwamphamvu. Ukayamba kulemba uli mumtima umenewo, kalata yonse imadzaza ndi matenda a mayi, zaka zimene wagwira ntchito mokhulupirika, ndi masiku amene unkaweruka usiku osadandaula. Zonsezo n'zoona, koma sizikhudza chimene chaletsa tchuthicho. Abwana anga sankakayika kuti mayi akudwala. Iwo anali ndi vuto lawolawo la ntchito, ndipo kalata yoti iwasinthe maganizo inayenera kuyankha vuto limenelo. Chifukwa changa chinafunika kuchitchulanso mwachidule komanso modekha, koma mbali yaikulu ya kalatayo inayenera kukhala ya mmene ntchito iyendere ine kulibe.

Tsono mawu akuti "nthawi ya maodita" anali osakwanira kuti ndiwayankhe. Maodita, anthu amene amadzafufuza mabuku athu a ndalama, ankabwera Lolemba pa 10, kudzakhala sabata imodzi. Ngati vuto linali limenelo lokha, bwanji sanandipatse sabata yoyambayo? Tsiku lotsatira ndinadikira kuti abwana akhale okha, ndinagogoda n'kunena kuti: "Bwana, ndaona yankho lanu pa fomu ija. Sindinabwere kudzatsutsa ayi. Ndimafuna mundithandize kudziwa ntchito zimene zikukudetsani nkhawa kwambiri pa masabata awiriwo, kuti ndione ngati pali chimene ndingachite." Anandiyang'ana kaye ngati akuyembekezera kuti ndiyamba kulira kapena kukalipa. Ataona kuti ndatulutsa kabuku ndi cholembera, anamasuka.

Zinapezeka kuti nkhawa zinali zitatu, ndipo ziwiri mwa izo sizinalembedwe pa fomu. Yoyamba, maodita amafunsa mafunso ambiri okhudza banki, ndipo amene amadziwa chifukwa chake cheke china sichinadutse kapena chifukwa chake ndalama ina inalowa kawiri ndi ine. Yachiwiri, mabuku a Okutobala anayenera kufananitsidwa ndi banki maodita asanafike, ndipo sitetimenti yomaliza ya mwezi simungakhale nayo mwezi usanathe, kutanthauza kuti ntchitoyo inkagwera sabata yomweyo ya opaleshoni. Yachitatu, mayi a malipiro aja anali ataloledwa kale kupita ku tchuthi mpaka pa 7 Novembala, ndiye ine ndikanachokanso, mu ofesi mukanatsala abwana ndi mnyamata uja basi, pamene Lachinayi pa 6 panali malipiro oti atuluke.

Macheza amenewo sanathe ndi mphindi khumi zomwe, koma ndi amene anandipatsa zolemba. Ndikanangokhala pansi n'kulemba kuchokera pa mawu a pa fomu, bwenzi nditalimbana ndi nkhani ya maodita yokha, abwana n'kundiyankha ndi zifukwa ziwiri zinazo, ine n'kuona ngati akungopeka zifukwa zatsopano pofuna kundikhomerera. Anthu ambiri amakangana ndi mabwana awo chifukwa cha zimenezi. Mawu amene amalembedwa pa fomu pokana amakhala achidule kwambiri, ndipo kawirikawiri ndi mutu chabe wa nkhani.

Ndisanalembe, ndinawerenga mgwirizano wanga wa ntchito ndi kabuku ka malamulo a pakampani pathu. Ndinkafuna zinthu zitatu: ngati pali njira yovomerezeka yopemphera kuti chigamulo chionedwenso, kalata yake imapita kwa ndani, ndiponso ngati pali malire a masiku. Kwathu kunalembedwa kuti umayamba ndi amene wakukanizayo, ndipo zikakanika m'pamene umapita ku ofesi yoona za antchito, pasanathe masiku asanu ogwira ntchito chilandirire yankho. Kwanu zingakhale zosiyana, n'chifukwa chake muyenera kuwerenga kabuku kanu osati kudalira zimene mnzanu anamva. Ndinayang'ananso ngati pali tchuthi chapadera chosamalira wachibale wodwala. Malo ena chilipo, ndipo ngati chilipo, mwina fomu yanu inangopempha mtundu wolakwika wa tchuthi. Kwathu tchuthi chapaderacho chinali cha maliro okha, choncho ndinatsala ndi tchuthi cha pachaka.

Apa pali mfundo imene imapweteka koma ndi bwino kuidziwa musanagwire cholembera. Tchuthi cha pachaka ndi ufulu wanu, koma masiku oti muchitenge si inu nokha amene mumasankha. Pangano nambala 132 la bungwe la dziko lonse loona za ntchito la ILO, la chaka cha 1970, limati wantchito azikhala ndi tchuthi cholipidwa chosachepera masabata atatu ogwira ntchito pa chaka. Koma pangano lomwelo limati, pokhapokha ngati malamulo kapena mgwirizano wa antchito ndi olemba ntchito wakonza kale, nthawi ya tchuthi imakhazikitsidwa ndi wolemba ntchito atakambirana ndi wantchitoyo, poganizira zofunika pa ntchito komanso mpata woti munthuyo apume. Si mayiko onse amene anavomereza panganoli, ndipo malamulo a dziko lililonse ali ndi manambala akeake, koma ganizo lakuti bwana angathe kusuntha nthawi ya tchuthi pa chifukwa cha ntchito limapezeka m'malo ambiri. Kalata yoyamba ndi mawu akuti "mwaphwanya ufulu wanga" imakhala yaima pa mwendo wofooka, chifukwa bwana angayankhe mosavuta kuti sanakumaneni tchuthi, wangokana masiku amenewo.

Izi ndikunena za tchuthi cha pachaka chokha. Tchuthi cha uchembere, kapena cha matenda anu pamene dokotala walemba kuti mupume, ndi nkhani ina. Zimenezo m'malo ambiri zimatetezedwa ndi lamulo mwanjira ina, ndipo si zoti muzichita kunenerera ngati mmene ndinachitira ine. Mukakanizidwa tchuthi cha mtundu umenewo, funsani kaye a bungwe la antchito kapena ofesi ya boma yoona za ntchito musanalonjeze chilichonse m'kalata.

Ntchito yovuta kwambiri inali yogawa pempho langa pawiri: chimene sichingasunthike, ndi chimene ndinkangochilakalaka. Ndinaimbira foni mchemwali wanga ndipo tinawerengera limodzi. Tsiku la opaleshoni silikanasuntha. Masiku atatu otsatira, mayi akanakhala m'chipatala kapena atangotuluka kumene, osatha kudzuka okha, ndipo mchemwali wangayo sakanatha kufika Loweruka lisanakwane. Amenewo ndiwo anali masiku oti zivute zitani ndikhalepo. Lolemba pa 3 ndinalipempha pofuna kukonzekera mosathamanga. Sabata yachiwiri ndinaipempha chifukwa ndinkafuna kukhala pafupi ndi mayi, zomwe si zolakwika, koma mchemwali wanga akanatha kukhala nawo. Masiku khumi aja anatsika kufika pa anayi osasunthika, ndi asanu ndi limodzi oti ndingatenge nthawi ina.

Kenako ndinatenga nkhawa za abwana imodziimodzi. Ya maodita inatha yokha, popeza ndikanakhala nditabwerera pa 10. Ya mabuku a Okutobala ndinaithetsa motere: sitetimenti ya ku banki tingathe kuitulutsa tsiku lililonse, ndiye ndikanafananitsiratu zonse za pa 1 mpaka pa 29 mwezi usanathe, kuti Lolemba pa 3 nditsale ndi masiku awiri okha omalizira, ntchito ya m'mawa umodzi. Ya malipiro a Lachinayi ndiyo inafuna kusamala. Mu ofesi ya ndalama, amene wakonza malipiro sakhala yemweyo wowavomereza, choncho sindikanalemba kuti abwana achite mbali yanga, chifukwa iwo ndi amene amavomereza. Sindikanasiyanso mawu anga achinsinsi a pa kompyuta kwa munthu wina, zomwe ndi mlandu paokha ndipo maodita akanazitulukira sabata yotsatira. Njira inali yoti ndikonzeretu mndandanda wa malipiro Lolemba, ndiulowetse m'dzina langa, abwana adzangovomereza Lachinayi, ndipo inivoisi iliyonse yobwera mochedwa idikire sabata yotsatira, kupatula yachangu imene mnyamata uja akanaikonza pogwiritsa ntchito dzina lake.

Mnyamatayo ndinalankhula naye ndisanamutchule m'kalata. Musalembe kuti uje adzandigwirira musanamufunse. Abwana adzamuitana n'kumufunsa, iye n'kudabwa, ndipo kalata yonse idzaoneka yabodza ngakhale zina zonse zili zoona. Ndinamufunsanso ngati anali ndi chilolezo cha pa kompyuta chokonzera malipiro. Analibe, ndiye m'kalatamo ndinapempha kuti apatsidwe cha masiku anayi okhawo.

Kalatayo ndinailemba Lachitatu madzulo, n'kuisiya igone, ndipo ndinaipereka Lachinayi pa 16 Okutobala. Inali ya tsamba limodzi. Nayi, nditachotsamo mayina:

Bwana,

PEMPHO LOTI MUONENSO CHIGAMULO PA TCHUTHI CHANGA CHA PACHAKA

Pa 6 Okutobala ndinapempha tchuthi cha masiku 10, kuyambira pa 3 mpaka pa 14 Novembala, ndipo pa 13 Okutobala ndinalandira yankho lakuti sizitheka. Zikomo chifukwa chondifotokozera zifukwa zake titakumana Lachiwiri. Ndamvetsa kuti nkhawa zanu ndi zitatu: kubwera kwa maodita pa 10 Novembala, kufananitsa mabuku a Okutobala ndi banki iwo asanafike, ndi malipiro a pa 6 Novembala pamene mnzathu wa malipiro a antchito adzakhala ali pa tchuthi.

Chifukwa cha pempho langa ndi chakuti mayi anga achitidwa opaleshoni pa 4 Novembala, ndipo palibe wina amene angakhale nawo kuyambira tsikulo mpaka pa 7. Tsikuli linakhazikitsidwa ndi achipatala ndipo sindingathe kulisuntha. Ndaphatikizapo kalata yawo yotsimikizira tsikulo.

Poganizira zimene munanena, ndikusintha pempho langa motere. Ndikupempha masiku 4, kuyambira Lachiwiri pa 4 mpaka Lachisanu pa 7 Novembala. Ndidzakhala pa ntchito Lolemba pa 3, ndipo ndidzabwerera Lolemba pa 10 kudzakhala ndi maodita sabata yonse. Masiku 6 otsalawo ndingawatenge kuyambira pa 17 Novembala, kapena nthawi ina imene mungaone kuti ndi yabwino chaka chisanathe.

Kuti ntchito isaime, mabuku a Okutobala ndidzawafananitsa mpaka pa 29 pofika Lachisanu pa 31, ndipo ndidzamaliza zotsalazo Lolemba pa 3 ndisanaweruke. Malipiro a pa 6 ndidzawakonzeratu tsiku lomwelo kuti inu mudzangovomereza. Mnzathu wa mainivoisi wavomera kukonza malipiro achangu amene angabwere ine kulibe, ngati mungamupatse chilolezo cha masiku amenewo, ndipo ndidzamusiyira ndondomeko yolembedwa.

Ngati mungafune kuti mabukuwo aonedwenso maodita asanafike, ndingathe kubwera Lachisanu pa 7 kuyambira masana, tchuthicho n'kukhala cha masiku atatu ndi theka.

Ndingathokoze nditamva yankho lanu pofika Lachitatu pa 22 Okutobala, kuti banja lathu likhale ndi nthawi yokonzekera. Ngati pali njira ina imene inu mukuiona, ndine wokonzeka kukambirana.

Ndine wanu mokhulupirika.

Mu ndime yoyamba ndinabwereza zifukwa za abwana m'mawu anga, ndisananene zanga. Ndinachita dala. Munthu akawerenga nkhawa zake zitalembedwa molondola ndi munthu amene iye anamukaniza, amasiya kuwerenga ngati wodziteteza. Komanso zifukwazo zimakhala kuti zalembedwa tsopano, moti kalatayo ikapita patsogolo, wina aliyense woiwerenga amaona kuti zinali zitatu ndipo zonse zayankhidwa. Ngati mwazimva molakwa, abwana amakukonzani pomwepo, zomwe ndi zabwinonso.

Za mayi ndinalemba ziganizo zitatu zokha. Sindinatchule matenda awo. Si anga oti ndiziwafalitsa, ndipo kalata ya ku ntchito imasungidwa mu failo imene anthu angapo amaitsegula. Ndinapempha mayi chilolezo, ndipo kuchipatala ndinapempha kapepala kongonena kuti ali ndi opaleshoni pa tsiku lakutilakuti. Chimene bwana amafuna kudziwa pa chifukwa chanu ndi chakuti tsikulo n'losasunthikadi ndiponso kuti palibe wina woti apite m'malo mwanu. Mukayankha ziwirizo, zina zonse mungazisunge. Ndimaona kuti kalata zambiri zotere zimalemera ndi chisoni mpaka wowerenga amamva ngati akuimbidwa mlandu wa nkhanza, ndipo munthu amene akumva choncho amayamba kufunafuna zifukwa zosonyeza kuti sanalakwe.

Ndinasiyanso dala nkhani ya mayi a malipiro aja. Mumtima ndinali nayo: iwo analoledwa tchuthi chongopuma, ine wa matenda n'kukanizidwa. Koma iwo anapempha kale ine ndisanadziwe n'komwe tsiku la opaleshoni, ndipo sanalakwe chilichonse. Kuwatchula modandaula choncho kukanasandutsa pempho langa kukhala mlandu wa kukondera, umene abwana akanayenera kuuyankha m'malo moyankha za masiku anga anayi. Ndikanadanitsanso anthu amene timakhala desiki moyandikana. Ngati mukukhulupiriradi kuti pa ntchito panu pali tsankho pa kaperekedwe ka tchuthi, limenelo ndi dandaulo lapadera, lofuna umboni wake ndi kalata yake. Musaliphatikize ndi kalata imene mukufuna iyankhidwe sabata yomweyo.

Pa njira zina zimene mumapereka m'pamene pali msampha. Chilichonse chimene mwalemba kuti mungathe, dziwani kuti bwana angasankhe chimenecho, ndipo nthawi zambiri amasankha chimene chili chopepuka kwa iye. Pa pepala langa loyeserera ndinali nditaikapo njira yoti nditenge masiku awiri okha, Lachiwiri ndi Lachitatu. Nditadzifunsa ngati ndingapiriredi abwana atasankha imeneyo, ndinaona kuti ayi, Lachinayi mayi akanatsala okha. Ndinaifufuta. Njira ya Lachisanu masana ndinaisiya chifukwa ndinali nditapeza kale munthu woti akhale ndi mayi maola ochepawo. Sindinaike njira zambiri. Ziwiri zokwanira bwino zimaposa zisanu, chifukwa mukachulukitsa mumaoneka ngati simukudziwa chimene mukufuna, kapena ngati tchuthicho sichofunika kwenikweni.

Sindinalembe kuti ndizipezeka pa foni nthawi iliyonse. Anzanga ena amaona ngati mawu amenewo amafewetsa mtima wa bwana, ndipo mwina amaterodi, koma mapeto ake masiku a tchuthi amadulidwa pamene inu mukugwira ntchito muli pakhonde la chipatala. Ngati ntchito yanu ndi yoti popanda inu zina zingaime ndithu, tchulani nthawi yeniyeni, mwachitsanzo theka la ola madzulo, ya mafunso achangu okha. Sindinanenenso kuti ndingataye masiku otsalawo kapena kuwagulitsa. Pangano la ILO lija limati mgwirizano woti munthu asiye tchuthi chake chochepetsetsa cha pachaka posinthana ndi ndalama ndi wopanda mphamvu, ndipo ngakhale kumene panganolo siligwira ntchito, si nzeru kulipira masiku anayi ndi masiku asanu ndi limodzi. M'kalatamo ndinawatchula masiku otsalawo ndi nambala yake, kuti asaiwalike.

Tchuthi chosalipidwa ndinachiganizira koma sindinachilembe. Chimathandiza pamene vuto ndi lakuti masiku anu anatha. Vuto la abwana anga silinali masiku kapena ndalama, linali kusowa kwa munthu pa desiki, ndipo kaya ndilipidwe kaya ndisalipidwe desikiyo ikanakhalabe yopanda munthu. Njira imene mukupereka iyenera kugwirizana ndi chifukwa chimene akukanirani. Akati anthu achepa, yankho ndi kusinthana masiku ndi mnzanu kapena kupeza wogwirizira. Akati pali ntchito ya tsiku loikika, yankho ndi kuimaliza msanga kapena kudula tchuthi kuti tsikulo mukhalepo. Akati munapempha mochedwa, fotokozani tsiku limene munadziwira za vutolo.

Tsiku loti andiyankhe ndinaliika ngati pempho, n'kupereka chifukwa chake. Popanda tsiku, kalata imagona mu thireyi mpaka nkhani itadzithera yokha. Ndinasankha pa 22 chifukwa zikanakanika, ndikanatsalabe ndi nthawi yopita ku ofesi yoona za antchito ndiponso yoti mchemwali wanga ayese kusintha masiku ake. Popeza malamulo athu ankapereka masiku asanu okha, ndinatumiza kope la kalatayo ku ofesi imeneyo kuti pakhale umboni woti ndinadandaula nthawi isanathe. Koma ndinawauza abwana pamaso popereka kalatayo: "Bwana, kope ndapereka ku ofesi ya antchito chifukwa cha masiku asanu aja, koma yankho ndikudikira kwa inu." Bwana akamva kwa anthu ena kuti mwamudumpha, ngakhale pempho labwino limalimba.

Nditaiwerenganso m'mawa wa Lachinayi, ndinachotsa mawu awiri okha. Pena ndinalemba kuti "monga mukudziwa kale", pena "ndikukhulupirira kuti nanunso muli ndi makolo". Usiku ankamveka aulemu. M'mawa ndinamva kuti akubaya. Njira yabwino yoyesera kalata yotere ndi kuiwerenga mokweza ngati kuti mukuwawerengera abwanawo pamaso pa munthu wachitatu. Chiganizo chimene mungachite nacho manyazi kapena chimene mawu anu angakwere pochiwerenga, chichotseni.

Yankho linabwera Lolemba. Abwana anandiitana, kalata yanga ili patebulo atailemba mizere ndi cholembera chofiira. Anavomera masiku anayi onse, ndipo anati za Lachisanu masana ndisavutike. Koma pa 17 anakana. Anati maodita akachoka amatumizabe mafunso kwa sabata ina, zomwe ndi zoona ndipo ine sindinaziganizire mokwanira, ndiye tinagwirizana kuti nditenge pa 24 mpaka pa 28, tsiku limodzi lotsalalo lidzaphatikizidwe ndi za mu Disembala. Anawonjezeranso kuti ndondomeko yosiyira mnyamata uja aione iwo kaye pofika pa 30. Masabata awiri otsatizana amene ndinkafuna poyamba sindinawapeze, ndipo sabata ya maodita ndinkachoka ku ntchito kupita kukaona mayi nditatopa kwambiri. Koma tsiku la opaleshoni ndinalipo.

Tisanasiyane ndinapempha kuti tilembe fomu yatsopano yokhala ndi masiku atsopanowo, ndipo anasaina pomwepo. Chilolezo cha pakamwa sichikwanira, chifukwa mu failo yanu mumakhala mukadali fomu yokanidwa ija. Bwana akadwala kapena akasamutsidwa, wobwerayo amaona kuti munajomba masiku anayi mutakanizidwa. Ngati fomu yatsopano ikuchedwa, tumizani imelo yachidule yonena masiku amene mwagwirizana ndi kupempha kuti atsimikize.

Zimene ndinalonjeza ndinazichita pa masiku ake, ngakhale zinatanthauza kuweruka mochedwa sabata yomaliza ya Okutobala. Ndondomeko ya mnyamata uja inali ya tsamba limodzi: malipiro amene akonzedwa kale, ogulitsa awiri amene amakonda kuimba foni kufunsa ndalama zawo ndi chowayankha, komanso chimene chingatchedwe chachangu ndi chimene chingadikire. Inivoisi yachangu inabweradi imodzi Lachitatu, anaikonza, abwana anavomereza, ine ndinamva nditabwerera.

Akanakananso, ndinali nditakonzeka kupempha zinthu ziwiri: kuti chifukwa chokanira njira zimene ndinaperekazo chilembedwe, ndiponso kuti andiuze masiku amene angandilole. Ndikanatenga zimenezo kupita nazo ku ofesi yoona za antchito, limodzi ndi woimira bungwe la antchito ngati alipo, ndi kalata yomweyo osaisintha kamvekedwe. Panali anzanga amene ankandilangiza kuti ndingopita basi, kapena ndipeze kalata ya dokotala yonena kuti ndikudwala ndine. Njira zonse ziwirizo zimasandutsa munthu amene anali ndi pempho lomveka kukhala munthu wa mlandu. Kujomba utakanizidwa kumawerengedwa ngati kusamvera, ndipo kalata ya matenda yogwera ndendende pa masiku amene unakanizidwa tchuthi palibe bwana amene sangaikayikire. Zikafika poti simungachitire mwina koma kupita, monga wodwala akafika pa kayakaya, dziwitsani abwana polemba musananyamuke, nenani tsiku limene mubwerere, ndipo sungani mapepala a kuchipatala oti mudzaonetse pofotokoza.